Musanapemphe Ngongole: Mmene Mungawerengere Malikisi Anu a Ngongole ndi Kudziwa Chimene Akukukanirani

Mwadzaza mafomu, mwapereka peyisilipi, mwadikira masiku atatu, kenaka uthenga wafika pafoni wonena kuti pempho lanu silinatheke. Chifukwa sananene. Ambiri akafika pamenepa amathamangira kwa wobwereketsa wachiwiri, akakanidwanso amapita kwa wachitatu, osadziwa kuti khomo lililonse limene akugogoda likusiya chizindikiro pa dzina lawo. Chimene chawatsekereza nthawi zambiri ndi nambala imene sanaionepo n'komwe, imene pano tiitchule kuti malikisi a ngongole. Pa foni kapena pa pepala la kubanki imalembedwa kuti `credit score`.

Malikisi amenewa sanena kuti ndinu wolemera kapena wosauka. Ndi nambala imene makina amaiwerengera kuchokera pa mbiri ya mmene mwakhala mukubwezera ngongole, ndipo ntchito yake ndi kulosera ngati mudzalephera kubweza ngongole yatsopano. Malikisi odziwika kwambiri, a kampani ya FICO ya ku Amereka, amayambira pa 300 kulekeza pa 850, ndipo amalosera mwayi woti munthu adzatsalira m'mbuyo ndi masiku 90 kapena kuposa mkati mwa zaka ziwiri zikubwerazo. Nambala ikakhala yokwera, obwereketsa sakuopani kwenikweni. Ikakhala yotsika, amakukanani, kapena amakupatsani ndalama zochepa pa chiwongoladzanja chokwera.

Chitsanzo chimene titsate ndi cha ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito ndipo nambala imeneyi imafunsidwa ngakhale pofuna nyumba ya lendi kapena foni ya kontirakiti. Tiyerekeze mayi wina wa ku Joni amene ali ndi mapepala onse, amalandira R12,000 akachotsa msonkho, ndipo angomukana ngongole yogulira galimoto yakale. Njira yake ndi yomweyo ngakhale muli ku Lilongwe, ndipo pamene pali kusiyana ndinena.

## Zofunika kukhala nazo

- Chiphaso chanu, chomwecho chimene munatsegulira maakaunti, kaya ndi pasipoti kaya chitupa cha unzika.
- Masitetimenti a kubanki a miyezi itatu yapitayi.
- Sitetimenti yatsopano ya ngongole iliyonse: khadi la ngongole, akaunti ya m'sitolo ya zovala kapena mipando, foni ya kontirakiti, ngongole ya kubanki.
- Malisiti kapena makalata osonyeza ngongole zimene munamaliza kubweza.
- Kope, cholembera ndi kakyuleta ya pa foni.

Malisiti a ngongole zakale ndi amene anthu ambiri amakhala kuti anataya, ndipo ndi amene amapulumutsa munthu pa sitepe yachiwiri. Afufuzeni musanayambe.

## Sitepe 1: Tengani lipoti lanu

Malikisi amachokera mu lipoti, choncho yambani ndi lipotilo. Limasungidwa ndi mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene ambiri timangowatchula kuti CRB. Mabanki, masitolo ogulitsa pangongole ndi makampani a foni amatumiza kumeneko, mwezi ndi mwezi, dzina lanu, ndalama zimene mwatsala nazo ndiponso ngati mwalipira pa nthawi yake.

Ku South Africa mabungwe akuluakulu ndi TransUnion, Experian ndi XDS. Lamulo la ngongole la dzikolo la 2005 limakupatsani ufulu wolandira lipoti lanu mwaulere kamodzi pa miyezi 12 kuchokera ku bungwe lililonse. Mumalembetsa pa tsamba lawo, amakufunsani mafunso otsimikizira kuti ndinudi, kenaka lipoti limabwera. Ku Malawi lamulo lokhazikitsa mabungwe otere linabwera mu 2010, amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve, ndipo odziwika ndi Credit Data CRB ndi TransUnion.

Chenjezo: musatenge lipoti limodzi lokha n'kukhutira. Si wobwereketsa aliyense amene amatumiza ku mabungwe onse, ndiye ngongole ina itha kuoneka kwina n'kusowa kwina. Musadabwenso kuona nambala zosiyana. Bungwe lililonse lili ndi sikelo yake. Ya TransUnion ku South Africa imafika 999, pamene ya FICO imalekeza pa 850. Malikisi 650 pa sikelo ziwirizi satanthauza chinthu chimodzi. Yang'anani gulu limene bungwelo lakuikani, ngati ndi labwino, lapakati kapena loipa, m'malo moyerekeza nambala yanu ndi ya mnzanu.

Kudzifunsira lipoti lanu sikutsitsa malikisi. Anthu ambiri amaopa zimenezi pachabe.

## Sitepe 2: Tsimikizani kuti zonse zili mmenemo ndi zanu

Musanayang'ane nambala, werengani mzere uliwonse ngati mukuwerenga bilu ya madzi imene mukuikayikira. Dzina lalembedwa bwino? Nambala ya chiphaso ndi yanu? Pali akaunti imene simukuidziwa? Pali ngongole imene munamaliza kubweza koma ikuonekabe kuti ili ndi ndalama zotsala?

Kwa ife obwera kuchokera kunja pali msampha wina. Mukasintha pasipoti nambala imasintha, ndipo mbiri yanu itha kugawanika pawiri: zaka zanu zabwino zili pa nambala yakale, pamene wobwereketsa akufufuza ndi yatsopano n'kupeza munthu wopanda mbiri. Mukatenga pasipoti yatsopano, kadziwitseni banki ndi masitolo onse amene muli nawo akaunti, ndipo sungani yakaleyo.

Mukapeza cholakwika, dandaulani ku bungwe limene lakupatsani lipotilo, mwa kulemba, ndipo tumizani umboni wake. Sungani nambala ya dandaulo lanu. Ku South Africa bungwelo lili ndi masiku 20 ogwira ntchito oti lifufuze, ndipo likalephera kupeza umboni wodalirika wa zimene linalemba, liyenera kuzichotsa. Ngati simukukhutira, nkhani imapita kwa oyang'anira ngongole m'dzikolo, a National Credit Regulator.

Mayi wathu wapeza kuti akaunti ya mipando imene anamaliza chaka chatha ikuonekabe yotsegula ndi R600 yotsala. Ali ndi kalata ya sitolo yosonyeza kuti anamaliza. Ili ndi vuto losavuta pa onse amene ali nawo, ndipo kulikonza sikumudyera ndalama.

## Sitepe 3: Werengani mbiri ya kalipiridwe kanu

Apa ndi pamene pagona nkhani. A FICO amanena poyera kulemera kwa mbali iliyonse ya malikisi awo, ndipo mbiri ya kalipiridwe imatenga 35 peresenti, kuposa china chilichonse. Mabungwe ena saulula masamu awo onse, koma onse amaika mbali imeneyi patsogolo, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngakhale kumudzi, munthu akabwera kudzabwereka thumba la chimanga, mumayamba mwakumbukira ngati anabweza la chaka chatha.

Mu lipoti mudzaona kuti pansi pa akaunti iliyonse pali mzere wa timabokosi, kabokosi kamodzi mwezi umodzi. Mwezi umene munalipira bwino umakhala ndi 0 kapena chizindikiro chobiriwira. Pamene munatsalira mwezi umodzi pamakhala 1 kapena 30, miyezi iwiri 2 kapena 60, itatu 3 kapena 90. Tengani kope, mulembe akaunti iliyonse ndi miyezi yonse imene si yoyera.

Makina amayang'ana zinthu zitatu pa kuchedwa kulikonse. Choyamba, munachedwa motani: masiku 90 amapweteka kwambiri kuposa masiku 30. Chachiwiri, zinachitika liti: kuchedwa kwa mwezi watha kumalemera kuposa kwa zaka zitatu zapitazo. Chachitatu, zachitika kangati ndiponso pa maakaunti angati. Kukula kwa ndalamazo sikupulumutsa munthu monga mmene ambiri amaganizira. R350 ya foni imene simunalipire imaika chizindikiro chofiira pa mwezi umenewo monga momwe ingachitire ngongole ya nyumba.

Mayi wathu ali ndi ngongole ya kubanki imene amabweza R850 pamwezi. Mu Malichi kunagwa maliro kumudzi, anatumiza ndalama zonse, ndipo banki itabwera kudzadula inapeza mu akaunti mulibe kanthu. Mu Epulo zinachitikanso chimodzimodzi. Kuyambira Meyi wakhala akulipira R850 mosaphonya, ndipo m'maganizo mwake nkhani inatha. Koma lipoti likuonetsa 2 pa Meyi, 2 pa Juni, 2 pa Julayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Ndalama ya Meyi inapita kukatseka Malichi, ya Juni inakatseka Epulo, ndipo iye akungokhalabe miyezi iwiri m'mbuyo. Dzenjelo likuyenda naye. Kufikira atalipira R1,700 yotsalirayo pamwamba pa R850 ya mwezi uno, mwezi uliwonse watsopano uzilembedwa kuti wachedwa, ngakhale sakuphonya.

Choncho musangofunsa kuti mwezi uno mulipire zingati. Imbirani wobwereketsa mumufunse kuti ndalama zotsalira m'mbuyo ndi zingati, pamodzi ndi zilango zake, ndipo muzitseke zimenezo poyamba.

Chenjezo lina ndi la kulipira pang'ono. Ngati muyenera kupereka R450 ndiye mwapereka R300, mtima wanu umapepuka, koma kwa wobwereketsa mweziwo sunakwane. Ngati mukuona kuti simukwanitsa, lankhulani nawo tsiku lisanafike kuti mugwirizane za malipiro ena, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Amene ali ku Malawi ndipo ngongole yawo imadulidwa ku malipiro asamale ndi ichi: peyisilipi kuonetsa kuti ndalama yadulidwa sikutanthauza kuti yafika kwa wobwereketsa. Abwana akachedwa kutumiza, dzina limene limaoneka kuti lachedwa ndi lanu. Pemphani sitetimenti kwa wobwereketsayo miyezi ingapo iliyonse, muyerekeze ndi mapeyisilipi anu.

Pali zizindikiro zoopsa kuposa timabokosi: ngongole imene wobwereketsa wataya nayo mtima n'kuipereka kwa otolera ngongole, ndiponso chigamulo cha khoti. Ku South Africa chigamulo chotere chimatha kukhala pa lipoti zaka 5, koma mukamaliza kulipira chiyenera kuchotsedwa. Mbiri ya mwezi ndi mwezi nayo imasungidwa mpaka zaka 5. Ku Britain ngongole yolephereka imakhalapo zaka 6, ku Amereka kuchedwa kumaoneka zaka 7. Simungafufute mwezi umene munachedwadi. Chimene mungachite ndi kuukwirira ndi miyezi yoyera, ndipo ukamakalamba mphamvu yake imachepa.

## Sitepe 4: Werengerani gawo la limiti limene mwadya

Mbali yachiwiri, imene pa FICO imatenga 30 peresenti, ndi kuchuluka kwa ngongole zimene muli nazo. Chachikulu mmenemo ndi maakaunti amene ali ndi limiti, monga khadi la ngongole ndi akaunti ya m'sitolo, amene mumatapa, kubweza, n'kutapanso. Makina amafuna kudziwa kuti pa ndalama zonse zimene munaloledwa mwadyapo gawo lotani. Munthu amene wafika m'khosi mwa limiti amaoneka ngati wapanikizika, ngakhale sanaphonyepo mwezi.

Masamu ake ndi awa: tengani zimene mwatsala nazo, mugawe ndi limiti, muchulukitse ndi 100. Chitani zimenezi pa akaunti iliyonse payokha, kenaka pa onse pamodzi.

Mayi wathu ali ndi akaunti ya zovala ya limiti ya R4,000, ndipo ngongole yake mmenemo ndi R3,600. Imeneyo ndi 90 peresenti. Khadi lake la kubanki lili ndi limiti ya R10,000 ndipo watapamo R7,600, kutanthauza 76 peresenti. Pamodzi ndi R11,200 pa R14,000, imene ndi 80 peresenti. Alangizi ambiri amati ndi bwino kukhala pansi pa 30 peresenti. Limeneli si lamulo ndipo palibe mpanda umene malikisi amadumpha mukafika pa 29. Kutsika kulikonse kumathandiza. Koma ndi chandamale chabwino, ndipo kwa iyeyu chikutanthauza kutsitsa ngongole ziwirizi kufika pa R4,200.

Tsopano tinene kuti mwezi uno ndi wake wolandira pa chipereganyu, ndipo wapeza R3,000. Aziike kuti? Mtima ukumuuza kuti aponye zonse ku khadi chifukwa ndiyo ngongole yaikulu. Ine ndingamuuze kuti ayambe ndi R1,700 ya ku sitepe yachitatu, chifukwa imeneyo ikumudetsa mwezi uliwonse. R1,300 yotsalayo ipite ku akaunti ya zovala imene yatsala pang'ono kudzaza. Ikatero itsika kufika R2,300, pafupifupi 58 peresenti, ndipo zonse pamodzi zikhala R9,900 pa R14,000, pafupifupi 71 peresenti. Kuti afike pa R4,200 patsala R5,700. Akamatsitsa ngongoleyo ndi R950 mwezi uliwonse osagulanso kanthu pa makhadiwo, ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kumbukirani kuti R950 imeneyo ndi imene ngongole yatsika nayo, ndiye chiwongoladzanja cha mweziwo chiyenera kulipiridwa pamwamba pake.

Ubwino wa mbali imeneyi ndi wakuti sisunga mangawa nthawi yaitali ngati kuchedwa kulipira. Malikisi ambiri amaona kwambiri nambala imene yatumizidwa posachedwa, choncho mukatsitsa ngongole, kusintha kumaoneka wobwereketsa akangotumiza nambala zatsopano, kawirikawiri pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Chenjezo: nambala imene imapita ku CRB ndi ya tsiku limene wobwereketsa watseka mabuku a mweziwo. Mutha kukhala munthu amene mumabweza khadi lonse mwezi uliwonse, koma ngati pa tsiku lotseka linali lodzaza, lipoti lidzaonetsa lodzaza. Ngati mukukonzekera kupempha ngongole yaikulu, lipirani tsiku la sitetimenti lisanakwane.

## Sitepe 5: Werengani amene akhala akukufufuzani

Chakumapeto kwa lipoti kuli mndandanda wa makampani amene anafunsa za inu, ndi masiku ake. Nthawi iliyonse mukapempha ngongole, kontirakiti ya foni kapena akaunti ya m'sitolo, wobwereketsa amatsegula lipoti lanu ndipo dzina lake limatsala pamenepo. Pa FICO ngongole zatsopano ndi kufufuza kotere zimatenga 10 peresenti. Kufufuza kumodzi kumachotsa pang'ono chabe. Vuto ndi pamene zaunjikana, chifukwa munthu amene wagogoda pa makomo asanu m'mwezi umodzi amaoneka ngati nyumba yake ikupsa.

Mayi wathu ali ndi zinayi m'masabata asanu ndi limodzi. Ziwiri ndi za ngongole ya galimoto. Chimodzi ndi cha wobwereketsa wa pa foni amene anangofuna kuona kuti angamupatse zingati. Chachinayi sankachikumbukira n'komwe: mtsikana wa m'sitolo anamulonjeza vocha akatsegula akaunti, iye n'kupereka pasipoti. Ku South Africa kufufuza kotere kumakhala pa lipoti chaka chimodzi. Mankhwala ake ndi kukhala chete, osapemphanso kanthu kwa miyezi ingapo pamene akukonza zinazo.

Mukaona dzina la kampani imene simunapiteko, musanyozere. Mwina wina akuyesa kutenga ngongole ndi chiphaso chanu. Bwererani ku sitepe yachiwiri mukadandaule tsiku lomwelo.

## Sitepe 6: Onani msinkhu ndi mitundu ya maakaunti

Zotsalazo ndi zazing'ono ndipo palibe zambiri zoti muchite nazo. Kutalika kwa mbiri yanu kumatenga 15 peresenti pa FICO: akaunti yanu yakale kwambiri ili ndi zaka zingati, ndipo onse pamodzi ali ndi msinkhu wotani. Mitundu ya ngongole imatenga 10 peresenti, kuona ngati munayendetsapo bwino ngongole ya limiti komanso ngongole yobweza ndalama zofanana mwezi ndi mwezi mpaka itatha. Musatenge ngongole imene simukuifuna pofuna kukometsa 10 peresenti imeneyi. Chiwongoladzanja chake chidzaposa phindu lake.

Amene alibe mbiri konse ali ndi vuto lawolawo. Munthu amene sanabwerekepo sapatsidwa malikisi apamwamba, amangokhala wosadziwika. Mbiri siwoloka malire, ndiye zaka khumi zobweza bwino ku Blantyre sizikuthandizani mukafika ku Joni kapena ku Leeds. Ngongole za banki m'khonde, chipereganyu ndi katapila nazo sizifika ku CRB, ngakhale munazibweza mokhulupirika chotani. Poyambira pabwino ndi akaunti imodzi yaing'ono, kugula kanthu kamene mukanagula ndi kale, ndi kubweza zonse mwezi uliwonse.

## Sitepe 7: Dziyeseni monga adzakuyesereni wobwereketsa

Malipiro anu sali m'malikisi a FICO, ndalama zimene mwasunga nazo mulibe. Koma wobwereketsa sayang'ana malikisi okha. Amafunsanso ngati mungakwanitse, ndipo ku South Africa lamulo limamukakamiza kutero asanakupatseni ngongole. N'chifukwa chake amafuna peyisilipi ndi masitetimenti a kubanki. Amaonanso kuti mwakhala nthawi yaitali bwanji pa ntchito, ngati muli ndi chikole, ndiponso kwa mlendo, ngati chilolezo chokhalira m'dzikolo chidzatha ngongole isanathe.

Chitani masamuwo nokha. Mayi wathu amalipira R850 ya kubanki, R350 ya foni, R450 ya zovala ndi R400 ya khadi, zonse R2,050. Lendi ndi R3,500, chakudya R2,500, thiransipoti R1,200, ndipo R1,500 amatumiza kumudzi. Zimenezi ndi R8,700. Pa R12,000 akutsala ndi R1,250. Galimoto imene ankafuna inali ya R2,400 pamwezi, osawerengera inshuwalansi ndi mafuta. Ngakhale malikisi ake akanakhala oyera ngati ufa, ndalamazo sizikukwana, ndipo amene anamukana anamuchitira chifundo. Akamaliza akaunti ya zovala ndi kutsitsa khadi, malikisi adzakwera komanso mpata wa ndalama udzakula. Zinthu ziwirizi zimakonzeka ndi ntchito imodzi.

Ngati mwakanidwa, funsani chifukwa. Ku South Africa muli ndi ufulu wopempha kuti akuuzeni chifukwa chachikulu mwa kulemba, ndipo ngati ndi lipoti la CRB, akuuzeni bungwe lake. Mukatero mudziwa ngati vuto lili m'malikisi kapena m'thumba.

## Sitepe 8: Konzani motsatana, kenaka muonenso

Tumizani madandaulo a zolakwika lero, popeza ndi aulere ndipo amatenga masabata. Tsekani zotsalira m'mbuyo ndi ndalama yoyamba imene mwapeza. Pemphani kuti tsiku lodula ngongole zanu likhale tsiku lotsatira limene mumalandira, ndalama zisanamwazike. Ngati mumalandira pa 25 ndipo banki imadula pa 15, mukudziika nokha pa msampha. Kenaka yambani kutsitsa akaunti imene ili pafupi kudzaza. Pakatha miyezi itatu onaninso lipoti. Muyenera kuona 0 pa miyezi yatsopano, akaunti yolakwika itachoka, ndi ndalama zotsala zitatsika. Ngati mwalipira koma lipoti silinasinthe pakatha miyezi iwiri, wobwereketsa sanatumize nambala zatsopano, ndipo malisiti anu aja ayambenso ntchito.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kutseka akaunti mukangomaliza kuibweza. Zimamveka zanzeru, koma onani masamu. Mayi wathu atamaliza akaunti ya zovala n'kutsala ndi R4,200 pa khadi, ali pa 30 peresenti ya R14,000. Akatseka ya zovalayo limiti yake yonse itsika kufika R10,000, ndipo R4,200 yomweyo isanduka 42 peresenti, osagula kanthu. Komabe ngati akauntiyo ili ndi fizi ya mwezi ndi mwezi, kapena mukudziwa kuti mukadutsa pa sitolopo simudziletsa, itsekeni ndithu. Ingopewani kutero kutatsala mwezi umodzi kuti mupemphe ngongole yaikulu.

Kulipira anthu olonjeza kukuchotsani pa bulakilisiti. Palibe mndandanda wapadera wa anthu oletsedwa. Chilipo ndi lipoti lanu lomweli, lokhala ndi zabwino ndi zoipa. Zolakwika mutha kuzichotsetsa nokha mwaulere. Zoona sizichoka chifukwa mwalipira munthu wa pa WhatsApp, ndipo mukamupatsa chithunzi cha pasipoti yanu mwamupatsa chida chotengera ngongole m'dzina lanu.

Kutengera m'bale ngongole pa dzina lanu. Izi zimatichitikira kwambiri, chifukwa pa gulu la anthu a kwathu amene ali ndi mapepala amakhala mmodzi, ndipo kukana mlamu amene akufuna foni ya kontirakiti n'kovuta. Dziwani kuti CRB siidziwa za pangano lanu la pakamwa. Iye akaphonya, 1 ndi 2 zija zimalembedwa pa inu. Ngati mwavomera, ndalama zizidulidwa ku akaunti yanu ndipo iye azikupatsani inuyo tsiku lisanafike, kuti kuchedwa kwake kukhale nkhani ya m'banja. Kusainira munthu ngati womuimira n'chimodzimodzi: akalephera, wobwereketsa amabwera kwa inu.

Kubwerera kumudzi osatseka maakaunti. Munthu amapita ku Mangochi kwa miyezi isanu, kusiya akaunti ya m'sitolo ili ndi R200 ndi kontirakiti ya foni imene akuganiza kuti inatha yokha. Fizi imapitirira kuwerengedwa, makalata amapita ku adiresi yakale, ndipo pobwera amapeza ngongoleyo ili m'manja mwa otolera. Musanakwere basi, imbirani aliyense amene muli naye akaunti, lipirani zotsala, muthetse kontirakiti motsatira ndondomeko yake, ndipo mupemphe kalata yosonyeza kuti mwamaliza. Ijambuleni pa foni, ndipo pepala lenilenilo mulisunge pamodzi ndi pasipoti.